Lendi ya golosale imalipiridwa ndi katundu uti?

Katundu aliyense akagulidwa m'golosale amasiya ndalama ina pamwamba pa zimene mwini sitolo anawononga kuti amupeze. Pa mtengo wogulitsira pamachotsedwa mtengo wopikulira, ndalama ya mayendedwe ndi jumbo, ndipo yotsalayo ndi imene imapita kukalipira lendi ndi malipiro a antchito. Sikhala phindu mpaka ziwirizo zitakwanira, pakuti lendi sisintha, malonda ayende kapena asayende.

Mwachitsanzo, golosale ina ilipira lendi ya K150,000 ndi wogulitsa K120,000 pamwezi, zonse pamodzi K270,000. Paketi ya shuga ipikulidwa pa K2,700, mayendedwe ndi jumbo zidya K50, kenako igulitsidwa K3,000. Yotsala ndi K250 yokha. Botolo la mafuta odzola lisiya K1,500, motero limaoneka ngati ndilo mwini malonda. Koma pamwezi shuga atuluka mapaketi 600 n'kusiya K150,000, pomwe mafuta atuluka mabotolo 20, K30,000 basi. Zakumwa zisiya K60,000, sopo ndi zina zonse K110,000. Kuphatikiza ndi K350,000, ndipo pochotsa K270,000 phindu ndi K80,000.

Vuto limabwera pamene lendi ndi malipiro zagawidwa kwa katundu aliyense potengera ndalama zimene wagulitsa. Ngati sitolo yonse yagulitsa K3,000,000, shuga yekha n'kubweretsa K1,800,000, amusenzetsa K162,000. Pa pepala shuga ndiye kuti waluza K12,000. Mwini sitolo akakhulupirira zimenezi n'kusiya kuoda shuga, K150,000 ija yapita, koma mwini nyumba adzabwerabe kumapeto kwa mwezi. Phindu la K80,000 lasanduka kuluza kwa K70,000, osawerengera makasitomala amene ankabwerera shuga n'kugulanso masamba a tiyi ndi buledi. Kugawa kotereku kumalanga katundu woyenda msanga popanda mlandu.

Funso loyenera ndi lakuti: katunduyu atachotsedwa, ndi ndalama iti imene ingasiye kutuluka? Imeneyo yokha ndiyo ya iye. Magetsi a furiji ndi a zakumwa, n'chifukwa chake K60,000 ija yapezeka pochotsa K40,000 ya magetsi pa K100,000 imene mabotolo 500 anasiya. Mnyamata wolembedwa kuti azidula nyama basi, malipiro ake ndi a nyama. Koma lendi ya nyumba yonse ndi wogulitsa wapakauntala ndi za katundu yense pamodzi.

Katundu amayenera kuchoka ngati yotsala yake sikukwanira zolipira zakezake, kapena ngati shelefu ndi mpamba zimene wagwira zingasiye zambiri zitapatsidwa katundu wina. Mabotolo 60 a mafuta, opikulidwa pa K4,000 limodzi, amamanga K240,000 kwa miyezi itatu, pamene shuga amazunguliza ndalama yomweyo kangapo mwezi umodzi usanathe.