Anakuuzani kuti "tizakutumirani foni pa Chisanu". Chisanu chapita, manje muchite chani?

Munavala shati yoyera ija, munakwera basi ya m'mawa kuchoka ku Chawama, intavyu munayankha bwino. Potuluka, amayi olemba anthu nchito anamwetulira n'kunena kuti, "Pofika pa Chisanu tizakhala takuuzani." Chisanu chinafika. Foni munali nayo m'manja tsiku lonse, ngakhale posamba munaiika pawindo. Inalira kawiri chabe: amalume ofuna ngongole, na meseji ya mabando. Manje ni Sondo madzulo, mutu uli wee, ndipo kunyumba ayamba kufunsa kuti, "Nanga ya nchito ija?"

Kufunsa kuti nkhani yafika pati si mwano. Tsiku analitchula ni iwo, osati imwe. Koma pali kafunsidwe kamene kamakusungirani malo, ndipo pali kena kamene kamachititsa kuti aleke kuyankha nambala yanu. Tiyeni tiitsate nkhaniyi tsiku na tsiku.

Chifukwa chake tsiku limapitirira

Tiyerekeze kuti nchito ni ya ukashiya pa holoselo ina ku Kamwala, ndipo intavyu munachitira pa ofesi ya ejenti wolemba anthu nchito m'tauni. Choyamba kudziwa n'chakuti amayi aja amene anakulonjezani Chisanu si amene amasankha. Iwo amasonkhanitsa maina, mwina atatu kapena asanu, n'kuwatumiza kwa manijala wa holoselo. Ngati manijala ali pa ulendo wokatenga katundu, kapena ali mkati mowerenga sitoko, kapena ni kumapeto kwa mwezi ndipo onse ali pa za malipiro, pepala lanu limangogona pa tebulo. Ejenti alibe yankho, ndipo ambiri sakonda kutuma foni kuti angonena kuti "sitinamve kanthu". Amangokhala chete.

Palinso chifukwa china chimene saulula. Nthawi zina nchito aipereka kale kwa munthu woyamba, ndipo imwe ndimwe wachiwiri. Sangakuuzeni kuti mwalephera, chifukwa woyamba uja angakane malipiro, kapena abwana ake akale angamunenere zoipa akawafunsa. Sangakuuzeninso kuti mwapata. Apa m'pamene meseji yabwino imagwira nchito, chifukwa imawakumbutsa kuti mukalipo ndipo mukali kuifuna.

Werengani masiku a nchito, osati a pa kalenda

Pa Chisanu penipenipo musatume. Anati "pofika pa Chisanu", ndiye tsiku lonse n'lawo. Chiwelu na Sondo musawerenge. Lekani tsiku limodzi lathunthu la nchito lidutse, ndiye kuti Mande, chifukwa zimene zinatsala pa Chisanu nthawi zambiri amazimaliza tsiku limenelo. Imwe funsani pa Chiwiri m'mawa, pakati pa 9 koloko na 11 koloko, munthu atakhazikika pa desiki koma asanayambe kuganiza za nsima ya masana.

Samalani na maholide. Ngati Chisanu chanu chagwa kutsogolo kwa Mande yoyamba ya Julaye, kumbukirani kuti Mande imeneyo ni tsiku la ngwazi za dziko, ndipo pa Chiwiri pake ni tsiku la umodzi. Maofesi amatseguka pa Chitatu. Tsiku lanu lofunsa ni pa Chinayi. Kwa imwe papita masiku 6, koma kwa iwo papita tsiku limodzi chabe la nchito. Chimodzimodzi na Mande yoyamba ya Ogasiti, tsiku la alimi: zonse zisuntheni na tsiku limodzi.

Musanawaimbe mlandu, yang'anani kwanu. Kodi foni sinazime malaiti atapita? Kodi simunakane nambala yachilendo poganiza kuti ni a ngongole? Mafoni a m'maofesi a mu Lusaka amayamba na 0211, ndiye ikabwera yotero yankhani. Tsegulaninso imelo, muone na mu foda ya Spam. Ndipo onani ngati nambala ili pa siivii yanu ni imene mukugwiritsa nchito lero, osati simu ija munataya chaka chatha.

Meseji yoyamba

Gwiritsani njira imene iwo anakupezerani. Ngati anakuitanani ku intavyu pa imelo, yankhani pa imelo yomweyo kuti aone zonse pamodzi. Ngati anakulemberani pa WhatsApp, lembani pamenepo, osati mawu ojambula a mamineti atatu. Ngati anatuma foni, tumani foni, koma muyambe mwaika tokotaimu yokwana. Kupeja munthu amene mufuna kuti akulembeni nchito, kuti iye ndiye akutumireni, n'kudzichotsa mweka pa mndandanda.

Kumbukirani kuti munthuyu waona nkhope zambiri sabata imeneyo. "Bwanji, ni ine uja" sizithandiza. Meseji ikhale na zinthu zinayi: dzina lanu, nchito imene munafunsira, tsiku la intavyu pamodzi na tsiku limene analonjeza, na funso limodzi chabe. Mwachitsanzo:

"Mwauka bwanji amayi. Ndine (dzina lanu lonse), ninabwera ku intavyu ya ukashiya pa Chiwiri sabata yatha. Munati yankho lizatuluka pofika pa Chisanu. Nikali na chidwi na nchitoyi. Kodi ni liti pamene ningayembekezere kumva? Zikomo."

Ngati intavyu inali mu Chizungu, lembani zomwezi mu Chizungu, m'mawu athunthu, osadula-dula ngati mukucheza na mnzanu. Onani kuti funso silikuti "kodi mwanitenga?" Funso limenelo limamuika munthu pakona, ndipo ngati alibe yankho sazayankha. Funso la "liti" angaliyankhe ngakhale manijala asanasankhe, ndipo limakupatsani tsiku latsopano logwirapo.

Zina zisiyeni kunja. Musalembe za lendi, za mwana wodwala kapena kuti ndalama ya basi munachita kukongola. N'zoona zimawawa, koma kwa ejenti zimaonetsa munthu amene angavomere malipiro alionse, ndipo ena amapezerapo mwayi. Musalembenso kuti "munanama". Ndipo musatume amalume kapena abusa kuti akakufunsireni.

Mverani bwino yankho

Akati "tikali kudikira abwana kuti asaine", khomo likali lotseguka. Thokozani, n'kufunsa ngati mungamvenso kwa iwo pa Chiwiri chikubwera. Mwapanga tsiku lachiwiri mogwirizana, ndiye potumanso simukhala wovuta.

Akayamba kupempha mapepala, monga kope ya reji, nambala ya NAPSA kapena TPIN, kapena mukamva kuti atumira foni anthu amene munawalemba kuti angakuchitireni umboni, ni chizindikiro chabwino. Tumizani tsiku lomwelo, ndipo achenjezeni anthu anu aja kuti asakane manambala achilendo.

Akati "siivii yanu tizaisunga", imeneyo ni ayi wovala suti. Musakangane. Kwa ejenti, ayi wa lero si mapeto, chifukwa amalembera makampani ambiri. Nenani zikomo, n'kuwauza kuti nchito ina ya mtundu womwewo ikatuluka muli okonzeka.

Koma akati dzina lanu lapita ndipo mutumize kandalama pa foni kuti fayilo "iyende mwamsanga", kapena kuti mugule malo, imani pomwepo. Kutsatira kwanu kwawaonetsa kuti muli na njala, ndipo afuna kudyerapo. Lamulo la za nchito la 2019, Employment Code Act, limafuna kuti ejenti wolemba anthu nchito akhale na chilolezo chochokera kwa Kamishinala wa za nchito. Muli na ufulu wopempha kuchiona, kapena kukafunsa ku ofesi ya leba.

Akangokhala chete

Meseji yoyamba ikapita popanda yankho, dikirani masiku 5 a nchito. Pa Chiwiri chotsatira yesaninso, koma musinthe njira: ngati munalemba, manje tumani foni ku ofesi, mutchule dzina la amene anakufunsani mafunso. Mukapeza wolandira alendo, muchitireni ulemu wonse. Iye ndiye amadziwa ngati amayi aja ali pa livu, kapena ngati munthu watsopano anayamba kale nchito Mande.

Kawiri n'kokwana. Kachitatu, ngati mufuna, kakhale kotsekera patapita sabata ina: kuthokoza, na kunena kuti nambala yanu ni yomweyo. Kupitirira apo mukungotaya tokotaimu. Kupita ku ofesi osaitanidwa kumathandiza pa nchito zimene munafunsira pageti, monga pa malo omanga kapena pa lesitilanti, pamene kapitawo amazolowera kuona anthu maso na maso. Pa ofesi ya ejenti, kukakhala pa benchi tsiku lonse kumangowachititsa manyazi, ndipo ndalama ya basi yapita.

Ngati kwina akuitanani

Apa ndiye pali nkhani. Tinene kuti mukudikira holoselo, shopu ina yakuitanani kuti muyambe Mande, koma malipiro ni ochepako. Ufulu wodikira masiku 5 mulibenso. Tumani foni tsiku lomwelo, munene zoona: "Napatsidwa nchito kwina ndipo afuna yankho pa Chinayi, koma mtima wanga uli kwa imwe. Kodi n'zotheka kumva lisanafike tsikulo?" Ngati amakufunani, ejenti azamuthamangira manijala, chifukwa kwa iye munthu wabwino akathawa ni bizinesi yathawa. Akapanda kuyankha, mwadziwa pamene muli, tengani ili m'manja.

Chenjezo n'lakuti musapeke nchito imene kulibe pofuna kuwafulumizitsa. Angakuyankheni kuti, "Zabwino zonse, pitani," ndipo mwatsala opanda kalikonse.

Ndipo foni ija ikalira, n'kumva kuti "mwapata", sekererani koma musasiye kumene muli, ngakhale ni ganyu chabe. Pemphani kalata yoonetsa udindo, malipiro na tsiku loyambira. Lamulo lomwe lija la 2019 limati pangano la nchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo liyenera kulembedwa. Amene analonjeza Chisanu n'kuiwala angalonjezenso Mande yoyambira. Kalata ikafika m'manja, m'pamene mungauze akunyumba kuti aphe nkhuku.