Kalata ya mphunzitsi kwa makolo: "Ndizitumiza zochepa, koma mwezi ndi mwezi"

Mwana akalembedwa ntchito ya uphunzitsi m'boma, kumudzi kumakhala chikondwerero. Makolo anagulitsa mbuzi kuti iye amalize ku TTC, mwinanso anadikira naye zaka asanaitanidwe. Ndiye malipiro akayamba kubwera, foni siikhala chete: feteleza, fizi ya mng'ono wake, ya kuchigayo, denga likudontha. Aphunzitsi ambiri achitsikana amalephera kukana pafoni, chifukwa mayi akangoti "mwanawe, kuno zavuta," pakamwa pamauma. N'chifukwa chake kalata ili ndi ntchito yake. Munthu amailemba mtima uli m'malo, ndipo makolo angathe kuiwerenga kawiri, kapena kuuza mdzukulu kuti awawerengere.

Tiyerekeze mphunzitsi wa pulayimale amene akugwira ntchito kumidzi ya ku Mchinji, makolo ali ku Ntcheu. Manambalawa ndi ongoyerekeza. Tinene kuti akachotsa msonkho ndi ya penshoni, zake ndi K200,000. Kalata yake ikhoza kuyamba motere:

"Okondedwa bambo ndi mayi, ndikhulupirira muli bwino. Ine kuno ndili bwino, ana asukulu akundisowetsa mtendere monga mwa nthawi zonse. Ndalemba kuti ndikuonetseni mmene ndalama zanga zikuyendera, chifukwa sindifuna kuti mudzamve kwa anthu kuti mwana wanu wamira m'ngongole."

Kenako amayala zonse poyera. Ngongole imene anatenga chaka chatha pogulira makolowo feteleza imadulidwa ndalama zisanafike n'komwe ku banki, K40,000 mwezi uliwonse. Nyumba ndi K30,000, poti nyumba za aphunzitsi pasukulu zambiri n'zosakwanira. Chakudya, makala ndi sopo zimadya K85,000. Kabaza ndi minibasi yopita pa boma, K10,000. Zotsala ndi K35,000, pamene iye wakhala akutumiza K60,000.

Nanga K25,000 yapamwambayo imachokera kuti? Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ana ambiri amabisa. Imachokera kwa wakatapila, amene pakutha pa mwezi amafuna K37,500. Mwezi wotsatira dzenje limakhala lakula, ndipo mphunzitsi amabwerekanso kuti akwirire loyambalo. Zizindikiro zake sizivuta kuona: malipiro kutha tsiku lomwe alowa, khadi la ku banki kukhala m'manja mwa wobwereketsa, mphunzitsi kujomba Lolemba chifukwa wapita kukasaka ndalama. Zikafika apo, ngakhale makolowo salandiranso kanthu.

Makolo ambiri amawerengera malipiro a mwana ndi mitengo yakale. Komatu kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinakwera motsatira. Kalata yabwino imatchula zimenezi mwachidule, popanda kuwaphunzitsa makolo ngati ana a sitandade 3. Iwonso amagula mchere, akudziwa.

Mbali yofunika kwambiri ndi lonjezo lenilenilo:

"Kuyambira mwezi uno ndizitumiza K20,000 pa Mpamba ya amayi malipiro akangolowa, osaphonya. K15,000 ndiziika ku SACCO, kuti pofika Okutobala chaka chamawa tidzakhale ndi ya feteleza popanda kubwereka. Pakagwa matenda kapena zovuta, imeneyo ndi nkhani ina, mundiimbire nthawi iliyonse. Koma za fizi ya mng'ono wanga ndapempha achimwene kuti tigawane, poti mutu umodzi susenza denga."

K15,000 pa miyezi 12 ndi K180,000. Siingagule matumba onse amene bambo angafune, koma ilibe chiwongoladzanja cholipira. Ndipo kwa mayi amene akuyendetsa pakhomo, K20,000 yodziwika tsiku lake imathandiza kuposa K60,000 imene mwezi wina imabwera, mwezi wina ayi.

Makalata otere amalakwika pawiri. Ena amangolemba kuti "zinthu zandivuta" osatchula nambala, ndiye makolo amaganiza kuti mwana wapeza chibwenzi chomudyera, kapena wayamba kunyada. Ena, pochita manyazi, amalonjeza ndalama imene sangaikwanitse, ndipo pakatha miyezi itatu abwereranso kwa wakatapila. Ine ndimaona kuti ndi bwino kutumizira limodzi pepala la malipiro lija, kuti bambo aone okha zodulidwazo. Kwa anthu a chikamwini monga ambiri a ku Ntcheu, nkwanzerunso kuwatsina khutu amalume kalata isanafike, chifukwa mayi akakhumudwa amakadandaula kwa iwo.

Makolo angathe kukhala chete sabata ziwiri, ndipo zimenezo zimapweteka. Mphunzitsi asafulumire kubweza mawu ake. Inu makolo amene mwalandira kalata yotere, musanakwiye mufunseni mwanayo kuti ali ndi ngongole zingati ndipo zidzatha liti.