Chithunzi cha ana a ku Nepal chimene sichinajambulidwe ku Nepal

Pa 25 Epulo 2015, chivomezi champhamvu chinagwedeza dziko la Nepal n'kupha anthu pafupifupi 9,000. Pasanathe masiku, chithunzi china chinali chitafalikira pa Facebook ndi pa Twitter: kamnyamata kakang'ono katakhala pansi, katakumbatira kamlongo kake komwe kanabisa nkhope pachifuwa pake. Mawu a pansi pa chithunzicho ankati anawo ndi a ku Nepal ndipo apulumuka chivomezicho. Anthu anagwidwa chisoni, ena mpaka anayamba kufunsa kopereka thandizo.

Anawo sanali a ku Nepal. Chithunzicho anajambula ndi Na-Son Nguyen, wojambula wa ku Vietnam, m'chaka cha 2007, m'mudzi wa Can Ty m'chigawo cha Ha Giang. Iye anafotokozera BBC kuti anawo ankasewera pakhomo makolo awo ali kumunda, ndipo kamtsikanako kanalira chifukwa choopa mlendo. Nepal isanatchulidwe n'komwe, chithunzi chomwechi chinali chitayenda kale ndi nkhani zina: ena ankati ndi ana amasiye a ku Burma, ena ankati ndi ana a kunkhondo ya ku Syria.

Bodza la mtundu uwu ndi lofala kwambiri pa zithunzi. Chithunzicho ndi chenicheni, palibe anachisintha, koma achiveka nkhani ya eni. Pagwe mvula yamkuntho ngati ya Freddy mu 2023, kapena zimveke kuti ku Joni kwabuka zipolowe, magulu a WhatsApp amadzaza zithunzi, ndipo funso loyamba liyenera kukhala lakuti: kodi chithunzichi chinalipo kale tsokali lisanachitike?

Funsoli mukhoza kuliyankha ndi foni yanu yomwe. M'malo molemba mawu kuti intaneti ikupatseni zithunzi, mumaipatsa chithunzi kuti ikuuzeni masamba amene chimapezeka. Makina ofufuzirawo sayang'ana dzina la fayilo. Amayeza kaonekedwe ka chithunzicho, monga mizere, mitundu ndi mmene kuwala ndi mdima zakhalira, n'kupanga chizindikiro chake cha manambala, kenako n'kuchiyerekeza ndi zizindikiro za zithunzi mabiliyoni zimene anatolera kale. N'chifukwa chake amachizindikirabe ngakhale wina atachichepetsa, kuchidula pang'ono kapena kulembapo mawu.

Tiyerekeze kuti chithunzi cha ana aja chakufikani lero. Chisungeni kaye m'foni. Ngati chabwera ngati sikirinishoti, chiduleni kuti pasatsale mawu, nthawi ya pafoni kapena mizere yakuda ya m'mbali, chifukwa zimenezi zimasokoneza makinawo. Kenako tsegulani tineye.com, webusayiti ya kampani ya ku Toronto m'dziko la Canada yomwe inayamba ntchitoyi mu 2008, ndipo kwezani chithunzicho podina Upload. Simulipira kanthu, kupatula bandulo yochepa.

Apa ndi pamene ambiri amasochera. Zotsatira zimabwera zitasanjidwa mwa Best match, kutanthauza zofanana kwambiri ndi chanu, ndipo zapamwambazo zikhoza kukhala zomwe zikubwereza bodza lomwelo. Munthu akaona masamba khumi onse akuti Nepal, amakhutira. Koma masamba khumi okoperana si mboni khumi. Sinthani kasanjidweko kukhala Oldest kuti zakale zibwere pamwamba. Mukangopeza tsamba limodzi lokha lomwe linali ndi chithunzichi Epulo 2015 asanafike, nkhani ya chivomezi yagwa basi.

Komabe tsiku limene TinEye ikuonetsa muliwerenge mosamala. Si tsiku limene chithunzi chinajambulidwa, ndi tsiku limene makinawo anachipeza pa tsambalo. Mutaona 2012, zikungotanthauza kuti pofika 2012 chinalipo kale. Chikhoza kukhala cha zaka zisanu m'mbuyo mwake, monga mmene zilili ndi chithunzi cha Na-Son. Tsikulo limakwanira kugwetsa bodza, koma silikwanira kukuuzani mwini chithunzi.

Kupeza mwini ndi ntchito ina, ndipo kwa ine ndi imene ili yofunika koposa. Ili ngati kulondola mapazi a mbuzi yobedwa chobwerera mpaka kukhola lake. Sanjani zotsatira mwa Biggest image. Chithunzi chikamakopedwa chimanka chichepa ndi kufuwirira, choncho chachikulu ndi chooneka bwino kawirikawiri chimakhala pafupi ndi gwero. Yang'ananinso chimene chikuonetsa malo ambiri m'mbali, pakuti wokopa akhoza kudula koma sangabwezeretse zimene sanazione. M'mbali mmenemo ndi mmene mumapezeka dzina la wojambula, chikwangwani cha sitolo kapena nambala ya galimoto, zomwe wofalitsa bodza amathamangira kudula. Ndipo tsegulani masambawo, musangoona tizithunzi tating'ono ta pa mndandanda. Werengani mawu a pansi pa chithunzi. Mukapeza dzina la munthu kapena la kampani ya nkhani monga Reuters, AFP kapena AP, lifufuzeni palokha mpaka mufike pamene mwiniwakeyo akunena malo ndi chaka.

TinEye ikapanda kupeza kanthu, pitani ku Google Lens. Pa Chrome ya pafoni, dinikizani chala pa chithunzi mpaka patuluke mwayi wofufuza ndi Google Lens. Pa kompyuta, dinani kachizindikiro ka kamera pa images.google.com. Google ili ndi masamba ochuluka, koma imakonda kusakaniza zithunzi zongofanana: ana ena okumbatirana, midzi ina ya m'mapiri. Sankhani Exact matches kuti mutsale ndi chithunzi chenichenicho. Kuyambira 2023 palinso About this image, yomwe imasonyeza nthawi imene Google inayamba kuchiona. Bing ndi Yandex nazo n'zoyenera kuyesa, chifukwa aliyense wa makinawa ali ndi nkhokwe yakeyake. Zikakanikabe, tembenuzani chithunzicho kuti kumanja kukhale kumanzere, poti ena amachitembenuza dala, kapena dulani kachigawo kamodzi kodziwika, monga nyumba kapena mlatho, n'kufufuza kokhako.

Nanga onse akabwera chimanjamanja? Musathamangire kunena kuti chithunzicho n'chatsopano kapena kuti nkhani yake ndi yoona. Makinawa amaona zokhazo zili poyera. Salowa m'magulu a WhatsApp, ndipo zambiri za pa Facebook sazifikira. Chithunzi chojambulidwa ku Nsanje zaka zitatu zapitazo, chomwe chakhala chikungoyenda foni ndi foni, chikhoza kusapezeka paliponse. Nayo fayilo siingakuthandizeni kwenikweni, chifukwa WhatsApp imachotsa tsiku ndi malo zimene kamera imalemba mkati mwa chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse.

Zikatero, ntchito imabwerera m'maso ndi pakamwa panu. Onani mbali ya msewu imene magalimoto akuyenda, chinenero cha pa zikwangwani, yunifolomu ya apolisi, ngati chimanga chili chachiwisi pamene akuti ndi mu Okutobala. Kenako funsani amene wakutumizirani kuti wachitenga kwa ndani, ndipo ameneyonso mumufunse chimodzimodzi, mpaka mupeze munthu woti anene kuti anajambula yekha, kuti, ndiponso liti. Munthu wotero kawirikawiri amakhala ndi zithunzi zina za malo omwewo zojambulidwa nthawi yomweyo, ndipo mukhoza kumupempha kuti akuonetseni.