Foni ya Agogo ndi Nambala Yachinsinsi

Foni yatsopano ya agogo inathera intaneti pa mavidiyo a kwaya. Mdzukulu wawo wamkazi anawatengera kwa azakhali, komwe kuli Wi-Fi.

Anawasonyeza kutsegula Settings, kudina Wi-Fi, n'kusankha dzina lolembedwa kunsi kwa rauta. Ntchito inakula pa nambala yachinsinsi. Nambalayi sichepera zilembo 8, ndipo foni imasiyanitsa chilembo chachikulu ndi chaching'ono. Chala chozolowera khasu chinkagunda zilembo ziwiri nthawi imodzi.

"Agogo, dinani kadisoko muziona zimene mukulemba." Cholakwika chinaonekera: analemba O m'malo mwa 0. Mtsikanayo sanawalande foni, anadikira akonze okha mpaka inalemba Connected.

Anawachenjezanso kuti akangotuluka pampanda, foniyo ibwerera kudya bandulo yawo.