Masheya: kugula kamodzi kapena pang'onopang'ono?

Nditalandira K300,000 ya malipiro anga otsalira, ndidaganiza zogula masheya pamsika wa ku Blantyre. Koma ndigule kamodzi, kapena ndizigula a K100,000 mwezi uliwonse kwa miyezi itatu?

Ana ataweruka ndidawerengera pabolodi. Tiyerekeze kuti sheya imodzi ili pa K100. Kugula kamodzi kundipatsa masheya 3,000. Ndikamagula mwezi ndi mwezi, mtengo n'kutsika kufika pa K50 kenako n'kubwerera pa K100, ndipeza 1,000, 2,000 ndi 1,000, onse pamodzi 4,000. Koma mtengo ukakwera kufika pa K125 kenako K200, ndipeza 1,000, 800 ndi 500, omwe ndi 2,300 basi.

Choncho kugula pang'onopang'ono kumakutetezani kuti musathire ndalama zonse mtengo uli pamwamba. Vuto lake n'loti ndalama yodikirayo imatha mphamvu zinthu zikamakwera mtengo, komanso achibale sachedwa kudzaibwereka. Kugula kamodzi kumapindulitsa msika ukamakwera, koma ukagwa mawa lake, tulo simupeza.

Ine ndidagula kamodzi chifukwa ndalamayo sindiifuna msanga, ndipo tsopano ndimaonjezera pang'ono ndikalandira kumapeto a mwezi.