Kodi akatswiri a masheya amauposa msika?

Matumba amene amasonkhanitsa ndalama za anthu n'kukagula masheya alipo a mitundu iwiri. Woyamba umayendetsedwa ndi akatswiri osankha okha masheya oti agule ndi oti agulitse, pofuna phindu loposa la msika wonse. Wachiwiri susankha. Umangogula masheya a makampani onse ali pa mndandanda winawake, monga S&P 500, wa makampani akuluakulu pafupifupi 500 a ku Amereka. Thumba loyamba lotere la anthu wamba analiyambitsa John Bogle ku kampani ya Vanguard mu 1976.

Mu 1991, katswiri wa zachuma William Sharpe anafotokoza chimene chimavutitsa osankhawo. Onse ogula masheya akaphatikizidwa, iwowo ndiwo msika. Popeza matumba ongotsata mndandanda amapeza phindu lofanana ndi la msika, osankha onse pamodzi nawonso sangapeze loposa pamenepo: wina akapindula kwambiri, ndiye kuti wina watsalira. Chotsala n'kuchotsapo malipiro, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa akatswiri amalipiritsa zambiri.

Kusiyana kwa 1 peresenti kumaoneka kochepa, koma kumakula ndi zaka. Madola 10,000 opindula 7 peresenti chaka chilichonse amafika pafupifupi 76,000 pakatha zaka 30. Malipiro akatsitsa phindulo kufika pa 6 peresenti, ndalamazo zimathera pa 57,000.

Zochitika zimagwirizana ndi masamuwa. Malipoti a SPIVA, amene anayamba kutuluka mu 2002, akhala akusonyeza kuti pa zaka 15, pafupifupi matumba 9 mwa 10 aliwonse osankha masheya a makampani akuluakulu a ku Amereka amatsalira m'mbuyo mwa S&P 500. Malipotiwa amawerengera ndi matumba amene anatsekedwa panjira. Zimenezi n'zofunika, pakuti kuwerenga opulumuka okha kumakometsa mbiri ya akatswiri.

Warren Buffett anayesa mfundoyi poyera. Anabetcherana madola 1 miliyoni ndi kampani ya Protégé Partners kuti kuyambira 2008 mpaka 2017 thumba lotsata S&P 500 lidzaposa matumba asanu osankhidwa ndi kampaniyo. Chaka choyamba msika unagwa kwambiri, akatswiri n'kutsogola. Koma zaka 10 zitakwana, thumba la Buffett linali litapindula pafupifupi 126 peresenti, pamene asanu aja anapindula pafupifupi 36 peresenti powagawira mofanana.

Akatswiri oposa msika alipo ndithu. Chovuta n'kuwadziwiratu, chifukwa ambiri otsogola zaka zingapo sakhalitsa pamwamba, ndipo mwayi umafanana ndi luso pa nthawi yochepa. Thumba lotsata mndandanda nalonso siliteteza munthu msika ukagwa: mu 2008 eni matumba a S&P 500 anataya pafupifupi 37 peresenti.