Laputopu yakana kutchaja: olakwa ndani, tchaja kapena batire?

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Ine phulalo ndidatsala pang'ono kulidya mwezi wathawu, pomwe laputopu imene ndimalembamo ngongole ndi katundu wa paokala yanga idayamba matukutuku. Waya uli kumagetsi, makina akuyaka bwinobwino, koma pansi pa sikirini palembedwa kuti "plugged in, not charging", kutanthauza kuti moto ukulowa koma batire silikudzaza. Magetsi atathima tsiku lina, nayonso idazima, ndipo mawerengero a tsikulo adapita osasungidwa.

Ndidathamangira kwa mnyamata wina wokonza makompyuta mumsika, ndalama ya batire latsopano ili kumanja. Iye adangoseka. "Bambo, bwezani kaye ndalamayo m'thumba. Mwalipima batirelo?"

Adandifotokozera kuti moto wochoka mutchaja umagwira ntchito ziwiri: kuyendetsa makina ndi kudzaza batire. Ukachepa, kapena laputopu ikakayikira tchajayo, imasankha kudziyendetsa yokha, batire n'kugona ndi njala. Tsono mau ajawa sanena wolakwa. Olakwa mumfufuze nokha.

Choyamba adaona nambala imene batire laimapo. Likaima pa 60 kapena 80 peresenti tsiku lililonse, kawirikawiri palibe chaonongeka. Malaputopu ambiri ali ndi dongosolo loletsa batire kudzaza kuti likhalitse. Pa Lenovo amalitcha Conservation Mode. Mukalithimitsa, kutchaja kumayambiranso. Langa lidaima pa 7, ndiye nkhani sidali imeneyo.

Kenaka adatembenuza tchaja n'kuwerenga pamene alemba Output: 19.5V ndi 3.34A. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza mawati 65, omwe ndi amene laputopu yanga imafuna monga adalembera kunsi kwake. Apa mpamene ambiri timagwera m'mbuna. Timagula tchaja ya mawati 45 chifukwa mutu wake walowa ndiponso ndi yotchipa, pamene makina akufuna 65. Imayatsa, koma mphamvu yodzazira batire imapelewera.

Manambala anga adagwirizana, choncho adapita kubatire. Adatsekula Command Prompt n'kulemba:

```
powercfg /batteryreport
```

Windows imasunga lipoti n'kukuuzani pamene yaliika. M'menemo muone mizere iwiri. DESIGN CAPACITY ndi moto umene batire linkasunga lili latsopano, pamene FULL CHARGE CAPACITY ndi umene likutha kusunga lero. Langa lidaonetsa 42,000 mWh ndi 35,000 mWh, ndiye kuti lataya gawo limodzi lokha mwa magawo 6. Batire lotere likadali ndi moyo. Nambala yachiwiriyo ikatsika kupitirira theka la yoyamba, kapena makina akamazima batire likunena kuti lili ndi moto wambiri, dziwani kuti latha ntchito.

Wakuba adagwidwa pomaliza. Matchaja ambiri a Dell ndi HP a mutu wobulungira ali ndi kasingano pakati. Kasinganoko ndi kamene kamauza laputopu kukula kwa tchaja. Kakapindika, kapena kawaya kake kakaduka mkati, moto umalowabe koma makina amakana kudzaza batire. Pa Dell mumadina F2 poyatsa n'kuyang'ana pamene alemba AC Adapter. Yanga, m'malo mwa 65W, idalemba Unknown. Mnyamata uja atalumikiza tchaja yake ya mavolti ndi mawati omwewo, padatuluka 65W, ndipo 7 uja adayamba kukwera tikuona.

Mlandu udali wanga. Ndinkakulunga waya mothinitsa ngati chingwe chomangira mtolo wa kaunjika, mpaka udaduka mkati pafupi ndi mutu.

Chenjerani ndi mayeso amene ambiri amawakhulupirira, ochotsa batire n'kuyatsa makina ndi tchaja yokha. Akakana kuyaka, kayikirani tchaja kapena polowetsera pake. Koma akayaka musafulumire kuweruza batire, pakuti tchaja yanga yodwala ija mayeso amenewo ikadakhoza. Mboni yeniyeni ndi tchaja ina yabwino, yofanana mutu, mavolti ndi mawati. Ikatchaja, gulani tchaja. Ikakana nayonso, lipoti n'kuonetsa batire lotha, gulani batire. Koma lipoti likakhala labwino, kapena kutchaja kukamabwera ndi kupita mukagwedeza mutu, vuto lingakhale polowetsera kapena mkati mwa makina, ndipo imeneyo ndi ntchito ya mmisiri.

Chimodzi chokha sichifuna kupima. Batire likatupa mpaka kutukula mabatani kapena chivindikiro chakunsi, zulani kumagetsi pompo, musaliboole, ndipo likachotsedwe, chifukwa limatha kubuka moto.

Ine ndidagula tchaja, ndipo ndisadalipire ndidauza wogulitsayo kuti tiyese kaye pa F2. Padalembedwa 65W. Ndalama yotsala ija ndidaodera katundu.